Kupepuza chipinda cha mafayilo akale: momwe ntchito yayendera, Meyi mpaka Novembala 2024

Meyi, kumayambiriro

Abwana atipatsa ntchito yoti chipinda chakumbuyo kwa rejisitili, komwe ofesi yathu ya boma kuno ku Chipata imasunga mafayilo, chikhale chitapepuka mvula isanagwe. Denga lake limadontha pakona imodzi, mashelefu adadzaza kalekale, ndipo mafayilo ena angounjikidwa pasimenti. Tilipo atatu: ine, mnyamata wothandiza mu rejisitili, ndi amayi a ku akaunti amene azibwera tikafika pa mapepala a ndalama.

Pamsonkhano wa Lolemba ena ananena kuti zonse za chaka cha 2015 kubwerera m'mbuyo zingotenthedwa, nkhani ithe. Ndinakana. Mapepala a ofesi ya boma mwini wake ndi boma, ndipo lamulo la National Archives Act, Chaputala 175, silimulola aliyense kuwawononga popanda chilolezo cha mkulu wa National Archives of Zambia, malo osungira mapepala akale a boma omwe timangoti ku akaivi. Chachiwiri, chaka cholembedwa pachikuto cha fayilo chimangonena tsiku lomwe fayiloyo inatsegulidwa. Sichinena kalikonse za tsiku lomwe ingatayidwe. Tagwirizana kuti palibe pepala lituluke m'chipindamo lisanalembedwe pamndandanda, ndipo kiyi ikhala ndi ine.

Meyi, kumapeto

Sabata zapitazi zinali zonyamula ndi kupukuta basi. Zonse zomwe zinali pansi taziika pamatabwa okwera pang'ono, kutali ndi khoma. Chiswe chinapanga njira zake zadothi kuseri kwa shelefu yakukona, ndipo mitolo yapansi kwambiri yadyeka mkati ngakhale kunja ikuoneka yabwinobwino. Ukaikweza imapepuka modabwitsa, dothi n'kumayoyoka. Ina ili ndi nkhungu, madontho akuda ndi fungo lachinyontho. Yotereyi taipatula, ndipo tikuiyanika pamthunzi pakhonde, masamba otsegula. Padzuwa ayi, chifukwa pepala limapindika ndipo inki imazirala. Palibe kugwira popanda magolovesi ndi chophimba kumphuno, ndipo ndowe za makoswe timayamba taziwaza madzi osakaniza ndi jiki tisanazichotse, kuti fumbi lake lisauluke.

Mitolo yodyeka nayonso ikulembedwa. Pamene nambala ya fayilo ikuwerengeka timailemba, n'kuwonjezera kuti yawonongeka ndi chiswe. Munthu akadzaifuna zaka zikubwerazi apeze yankho lolembedwa, osati kumuuza kuti mwina inasochera.

Juni

Mndandanda tikuulemba pakompyuta, mzere umodzi fayilo imodzi. Madanga ake ndi awa: nambala ya fayilo, mutu wake, tsiku la pepala loyamba, gulu lomwe ikugwera pa ndandanda ya nthawi yosungira, tsiku loyambira kuwerenga, zaka zosungira, tsiku lomwe nthawi ikwane, nambala ya bokosi, ndi danga lomaliza lolembamo ngati pali choletsa.

Danga lomwe likutidyera nthawi ndi la tsiku loyambira kuwerenga. Ndandanda ya nthawi yosungira simangonena kuti zaka zakuti. Imanena kuti zaka zakuti kuchokera pa chinthu chakuti, ndipo chinthucho chimasiyana malinga ndi mtundu wa pepala. Pa mavaucha olipirira ndalama timayambira pa kutha kwa chaka cha ndalama, chomwe kuno ku Zambia chimatha pa 31 Disembala. Pa makontirakiti timayambira pa tsiku lomwe ntchito inatheratu ndi malipiro omaliza kuperekedwa. Pa fayilo ya wantchito timayambira pa tsiku lomwe anasiya ntchito, kupuma kapena kumwalira. Pa makalata wamba timayambira pa tsiku lomwe fayilo inatsekedwa. Ndiye fayilo iliyonse iyenera kutsegulidwa ndi kuwerengedwa, makamaka mapepala a pamwamba omwe ndi omaliza kulowa. Njira yachidule palibe.

Tsiku loyambira likapezeka, zotsalazo kompyuta imawerenga yokha. Tsikulo lili mu danga E, zaka zili mu danga F, ndipo mu danga G taika ichi:

```
=DATE(YEAR(E2)+F2,12,31)
```

Ndasankha kuti zonse zizithera pa 31 Disembala m'malo mwa tsiku lenileni, kuti kutaya kuzichitika kamodzi pachaka, komanso kuti ngati pali kuphonya kukhale kosunga miyezi yowonjezera osati kutaya msanga. Chenjezo limodzi kwa amene adzapitirize: tsiku likalembedwa ngati mawu wamba, kompyuta imatulutsa `#VALUE!`, ndipo ikasinthanitsa mwezi ndi tsiku sikuuzani. Mwamwayi fomulayi imangotenga chaka, kotero kusinthanako sikuwononga yankho, koma tikulembabe chaka ndi manambala anayi nthawi zonse.

Vuto lomwe latulukira ndi lakuti mafayilo ambiri a makalata sanatsekedwepo. Anangosiya kugwiritsidwa ntchito, wina n'kuwaponya kumbuyo. Fayilo yosatsekedwa nthawi yake siyamba kuwerengedwa n'komwe. Tikuwatseka tsopano: tikuika pepala lotsekera pamwamba, kudinda `CLOSED` pachikuto, ndi kutenga tsiku la pepala lomaliza ngati tsiku lotsekera, osati tsiku la lero. Tikadatenga la lero, makalata a 2011 oitanira anthu kumsonkhano akanakhalanso zaka zina zambiri popanda chifukwa.

Julayi, sabata yoyamba

Amayi a ku akaunti afika, tayamba mavaucha. Ndandanda yomwe tikutsata imapatsa mavaucha olipirira zaka 7. Vaucha ya mu Malichi 2014 imayamba kuwerengedwa pa 31 Disembala 2014, ndiye nthawi yake inakwana pa 31 Disembala 2021. Ya 2016 inakwana kumapeto kwa 2023. Koma ya 2017 ikwana pa 31 Disembala chaka chino, ndiye siyilowa m'gulu lino ngakhale ili pashelefu imodzi ndi anzake. Mnyamata wathu anali ataiphatikiza kale, poti 2017 kuphatikiza 7 ndi 2024 ndipo tili mu 2024. Masamu ake anali olondola, koma chaka sichinathe. Mabokosi a 2017 tawabweza pashelefu ndi chizindikiro choti adikire Januwale.

Mavaucha a chaka cha 2012 ndi kumbuyo kwake amadabwitsa achinyamata, chifukwa mafuta a galimoto a ulendo umodzi akuoneka mamiliyoni. Ndi kwacha yakale ija, isanachotsedwe maziro atatu mu Januwale 2013. Malisiti ambiri omatidwa kumbuyo kwa mavaucha, aja otuluka m'makina a kumalo omwetsera mafuta, ayera mbee, palibe chowerengeka. Pepala lake limalembedwa ndi kutentha osati inki, ndipo kutentha kwa mu Okutobala pansi pa malata kumalifufuta. Kuyambira pano a ku akaunti azijambula lisiti lotere pa fotokope tsiku lomwe lafika, n'kumata zonse ziwiri.

Julayi, sabata yachitatu

Tisanaike bokosi lililonse pamndandanda wotaya, ndalemba kalata yofunsa anthu atatu ngati pali nkhani yosatha yokhudza mapepalawa: mkulu wa akaunti, odita wa mkati yemwe amafufuza mabuku a ndalama, ndi amene amasamala za milandu ya ofesi. Zaka kukwana pakokha sikokwanira. Ngati pali funso la maodita lomwe silinayankhidwe, mlandu kukhoti, kafukufuku wa apolisi kapena wa othana ndi katangale, kapenanso munthu amene wapempha kuona pepalalo, limaima pomwepo mpaka nkhaniyo ithe.

Yankho labwera kuti mavaucha a miyezi itatu yomaliza ya 2015 ali ndi funso la maodita lomwe silinatsekedwe, lokhudza ndalama zaulendo zomwe anthu anatenga osabweza malisiti. Pakompyuta mavauchawa akuoneka kuti anakwana kumapeto kwa 2022. Tawapatula m'bokosi lawolawo, kulimata tepi yofiira, ndi kulemba chifukwa chake mu danga lomaliza. Ndinafunsa amayi aja ngati tingangochotsamo mavaucha okhudzidwawo n'kutaya otsala.

"Iyayi abambo, musatero," anatero. "Odita akabwera safuna vaucha imodzi. Amafuna aone manambala akutsatana, yakutsogolo ndi yakumbuyo, kuti adziwe kuti palibe yomwe yasoloredwa. Mukandisiyira zodumphadumpha, ofunsidwa ndine."

Ndiye miyezi itatu yonseyo ikhala yathunthu.

Ogasiti

Fayilo imodzi yatitengera nthawi yaitali kuposa shelefu yonse ya mavaucha, ndipo ndiyilemba mwatsatanetsatane chifukwa zofanana nayo zilipo zambiri. Ndi ya kontirakiti yokumba mijigo kumidzi. Pachikuto palembedwa kuti inatsegulidwa 2009. Kutengera maganizo a pamsonkhano uja, ikanapsa tsiku loyamba.

Titaitsegula, pansi penipeni pali chilengezo choitana makontirakita ndi mitengo yawo, zonse za 2009. Pamwamba pake pali kontirakiti yosainidwa, kenaka malipoti a ntchito a 2010 ndi 2011. Apa munthu wothamanga akanati ntchito inatha 2011, kuphatikiza zaka 7 zomwe ndandanda yathu imapereka pa makontirakiti, ndiye 2018, itayidwe. Koma makalata akupitirira. Mijigo iwiri inauma isanathe nthawi yomwe kontirakita amayenera kukonza zolakwika, ofesi inagwira gawo la ndalama zake, ndipo panakhala kukokana kwa zaka. Pepala lomaliza ndi la 2018, lomasula ndalama zogwiridwazo mijigo itakonzedwa. Apa ndi pomwe kontirakiti inathera. Kuwerenga kuyambira 2018, nthawi ikwana pa 31 Disembala 2025. Fayilo ya 2009 idakali ndi chaka china ndi miyezi, pomwe vaucha ya 2016 yakwana kale.

Sizinathere pomwepo. Pakati pa fayiloyo pali malipoti a okumba, osonyeza malo a mjigo uliwonse, kuya kwake, pomwe madzi anapezeka, kuchuluka kwa madzi otuluka ndi mtundu wa pampu. Mapepala amenewa ntchito yake siyitha ndi kontirakiti. Tsiku lomwe mjigo udzafune kukonzedwa kapena wina adzafune kukumba pafupi, ndi omwewa adzafunidwe. Mnyamata wathu anati tiwasolole tiwasunge padera, zotsalazo zidzatayidwe chaka chamawa. Sindinavomere. Mapepala a m'fayilo ali ndi manambala otsatana pakona, ndipo makalata amatchulana ndi manambala amenewo. Kusolola ena kumasiya fayilo yosamveka ndi mapepala osadziwika kochokera. Lamulo lomwe tikutsata ndi lakuti fayilo yosakaniza zinthu imatenga nthawi ya pepala lokhalitsa kuposa onse m'menemo. Ndiye iyi yonse yachoka m'gulu lodzatayidwa, yalowa m'gulu loti a ku akaivi adzaione ndi kugamula. Malipoti a okumbawo tawajambula pa fotokope kuti a zamadzi akhale ndi awo ogwiritsa ntchito.

Chomaliza, midzi ina yotchulidwamo siilinso m'boma la Chipata. Mu 2018 Chipangali ndi Kasenengwa anakhala maboma paokha, ndipo mijigo ina inagwera kumeneko. Fayilo ikhala kuno poti kontirakiti inasainidwa kuno, koma makope a malipotiwo apita kumaofesi a mabomawo ndi kalata, ndipo kope la kalatayo lalowa m'fayilo. Apa pali msampha wina waung'ono: kalata ya lero ikalowa m'fayilo yotsekedwa, wodzawerenga m'tsogolo angayese kuti pepala lomaliza ndi la 2024. Tayiika kumbuyo kwa pepala lotsekera ndi mawu ofotokoza kuti siyisintha tsiku loyambira kuwerenga.

Phunziro lake talitengera ku rejisitili ya lero. Makontirakiti atsopano azitsegulidwa mafayilo awiri, ina ya zogula ndi malipiro, ina ya mapulani ndi malipoti a akatswiri, kuti ya malipiro idzathe kutayidwa nthawi yake popanda kukoka inzake.

Sepitembala, kumayambiriro

Mafayilo a antchito sitinawakhudze, kupatula kuwaika m'mabokosi abwino ndi kuchotsa mapini adzimbiri omwe akudya makona a mapepala. Munthu wopuma ntchito, kapena mkazi wamasiye ndi ana ake, amabwera patapita zaka zambiri kufuna kalata yolembedwera ntchito, ya kukwezedwa, kapena umboni wa zaka zomwe anagwira, ndipo nthawi zina pepala la kuno ndi lokhalo lotsala. Chimodzimodzi maminitsi a misonkhano ikuluikulu, malipoti a pachaka, mapu ndi chilichonse chokhudza malo. Tapezamo ngakhale makalata okhala ndi chidindo cha Fort Jameson, dzina lakale la tauni ino. Amenewa ndi a ku akaivi, sitikambirananso.

Ziwerengero pofika lero, mwa mabokosi: 46 okwana nthawi ndipo opanda choletsa, 9 oimitsidwa, 14 oti a ku akaivi aone kapena atenge, ndi 31 osakwana nthawi omwe abwerera pashelefu. Mndandanda wa 46 aja wasindikizidwa, abwana asaina tsamba lililonse, ndipo wapita kwa a National Archives ndi kalata yopempha chilolezo.

Sepitembala, kumapeto

Wantchito wa ku akaivi wabwera kudzaona. Sanatsegule bokosi lililonse. Amasankha mzere pamndandanda, n'kuti timupatse fayiloyo, kenaka amatola fayilo m'bokosi mwachisawawa n'kuti timuonetse mzere wake. Mbali zonse ziwiri zinagwirizana. Wachotsa mabokosi awiri m'gulu lotaya. Muli mafayilo a makalata wamba, koma ena mwa iwo ndi okhudza kagawidwe ka chimanga cha chithandizo m'zaka za chilala, okhala ndi malipoti a mafumu ndi alangizi ofotokoza momwe midzi inalili. Kwa ife nthawi yake inakwana, koma iye waona kuti ndi mbiri ya dera lino yomwe sidzapezeka kwina. Ndikuganiza kuti walondola. Otsala oti atayidwe ndi 44.

Tidakali kudikira chilolezo cholembedwa. Abwana afunsa kawiri ngati tingayambe poti wa ku akaivi uja anavomera pakamwa. Ayi, tidikira kalata.

Okutobala

Kalata yafika. Njira yowonongera inafunika kukambirana. Makina oduladula mapepala omwe ofesi ili nawo ndi aang'ono, amatentha msanga, ndipo amadula timizere tataliatali tomwe munthu woleza mtima angathe kulumikiza. Panalinso munthu wofuna kugula mapepalawo pa kilo. Takana, chifukwa mavaucha ali ndi mayina a anthu, manambala a ziphaso zawo, maakaunti a kubanki ndi masiginecha, ndipo mapepala ogulitsidwa chonchi amathera kumsika kukulungira vitumbuwa ndi kapenta. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2021, limatiikira udindo pa zinthu zimenezi mpaka pepalalo litawonongekeratu. Tasankha kutentha m'ng'anjo yotsekeka yokhala ndi chumuni, yomwe tabwereka ku bungwe lina, osati pa dzenje la kuseri kwa ofesi. Mphepo ya nyengo ino imanyamula masamba opsa theka n'kukawagwetsa pamsewu, ndipo udzu wauma ponseponse.

Patsikulo panali ine, odita wa mkati ndi mboni yochokera ku akaivi. Bokosi lililonse limawerengedwa nambala pokwera galimoto, n'kuwerengedwanso potsika, ndipo mmodzi wa ife anakwera kumbuyo ndi katunduyo. Asanalowe pamoto, timatsegula bokosi ndi kuyerekeza zam'kati ndi mndandanda komaliza.

Amene sanatenthepo mafayilo sadziwa kuti mtolo womangidwa supsa. Umachita ngati chinangwa choponyedwa pamoto waukulu: kunja kuda bii, mkati mosakhudzidwa. Mpweya sulowa pakati pa masamba othinana, ndiye ukauthyola mtolo wooneka ngati khala umapeza mayina ndi manambala akuwerengeka bwinobwino. Tinadula zingwe zonse, kuchotsa zitsulo ndi zikuto zapulasitiki, ndi kuponya mapepala pang'onopang'ono ali omwazika, wina akutakasa ndi chitsulo chachitali. Ntchito imachedwa motero, ndipo siinathe tsiku limodzi. Mabokosi otsala madzulo amabwerera kuofesi kukatsekeredwa, osagona kung'anjo. M'mawa mwake, phulusa litazizira, timalipalasa ndi kubwezera pamoto chilichonse chokhala ndi chilembo chooneka.

Pamapeto tonse atatu tasaina chikalata chotsimikiza kuwononga. Chikunena tsiku, malo, njira yomwe tagwiritsa ntchito, nambala ya kalata ya chilolezo, ndi kuchuluka kwa mabokosi, ndipo mndandanda wonse wamatidwa kumbuyo kwake. Chikalatachi, mndandanda ndi kalata ya chilolezo sizidzatayidwa. Mu kaundula wa rejisitili mizere ya mafayilo otenthedwa sitinaifufute, tangolemba pambali kuti inawonongedwa, tsiku lake ndi nambala ya chilolezo.

Novembala

Mabokosi 16 a ku akaivi, aja 14 ndi awiri owonjezera, akonzedwa ndi mndandanda wake wosamutsira m'makope atatu: lina m'bokosi, lina lawo, lina lathu losainidwa polandira. Tikudikira galimoto. Otsala m'chipindamo onse ali pamashelefu achitsulo, shelefu yapansi yokwera kuchoka pasimenti, ndipo pakona yodontha palibe chilichonse. Denga silinakonzedwe, pempho lake lili kwa a zogula. Opopera mankhwala a chiswe abwera kamodzi, ndipo mnyamata wathu aziyendera kuseri kwa mashelefu Lachisanu lililonse kuona ngati njira zadothi zayambanso.

Chomwe chatsala chachikulu ndi makope a pakompyuta. Mavaucha ena omwe tatentha anajambulidwa kale pa sikana, ndipo zithunzi zake zili pa kompyuta ya ku akaunti, pa mafulashi, mwinanso m'mafoni a anthu omwe ankatumizirana. Ngati pepala lawonongedwa mwalamulo koma chithunzi chake chikuyendabe, zinsinsi za anthu aja sizinatetezedwe. Kungodina `Delete` sikuchotseratu, ndiye ndapempha wa makompyuta kuti mu Disembala tikhale pansi, tilembe komwe kuli makope otere, ndipo tiwaike pa ndandanda yomweyi ndi masiku omwewa.

Mu Januwale 2025 mavaucha a 2017 akwana. Kalata yofunsa za zoletsa ipita sabata yoyamba, pamodzi ndi funso loti nkhani ya maodita ya 2015 yafika pati.